Zimene msewu wa ku Joni unandidyera

Basi yochoka pa Wenela ku Blantyre kupita ku Joni imadutsa mayiko anayi, ndipo dziko lililonse lili ndi ndalama yake ndi kachitidwe kake. Mpaka pa Mwanza ndi kwacha. Ukadinditsa pasipoti pa Zobue walowa kwa eni metikashi, ndipo uyenda nawo kuwoloka Zambezi pa Tete mpaka pa Kuchamano. Pa Nyamapanda pamayamba dola ya ku Amereka, yoyenda limodzi ndi ndalama ya dziko la Zimbabwe imene dzina lake silikhalitsa. Ukawoloka Limpopo pa Beitbridge ndi randi yokhayokha. Ine ndayenda msewu umenewu kwa zaka ndithu, kukaoda mabulangete, nsapato ndi ziwiya zimene ndimagulitsa ku Limbe. Palibe anandilozapo mpeni, palibe anandithyolerapo chikwama. Koma mpamba wanga unkachepa ulendo uliwonse, ndipo amene ankauchepetsa ndinali ine mwini, ndi manja angawa.

Ndiyambe ndi ndalama zing'onozing'ono, chifukwa ndi zimene zinandiphunzitsa masamu.

Pa Zobue basi ikaima, anyamata osintha ndalama amakhala atafika kale pakhomo, mipukutu yomanga ndi labala ili m'manja. Amalankhula Chichewa ngati ife, mwinanso ambiri ndi a pa Mwanza pomwepo, ndipo amadziwa kukusangalatsa. "Mayi, tisinthe za nsima ya pa Tete, kutsogoloku reti ndi yoipa." Tsiku lina mu 2024 ndinatulutsa R200. Nthawi imeneyo dola imodzi inali pafupifupi metikashi 64 ndiponso pafupifupi R18, kutanthauza kuti randi imodzi inkayenera kubala metikashi atatu ndi theka, ndipo R200 yanga inali metikashi 700. Masamu amenewo ndawachita pambuyo pake. Pa nthawiyo mnyamatayo anati 600, ine ndikuvomera. Anawerenga mapepala asanu ndi limodzi a 100 ine ndikuona, nandipatsa. Ndisanawalowetse m'chikwama anati, "Tabweretsani mayi, ndaona ngati ndakupatsani ina yong'ambika." Anawalandira, kuwagwedeza, kuwapinda pakati, kundibwezera ali opinda. Kondakitala anali akuliza kale hutala. Nditawatambasula tikutsika mapiri a ku Moatize ndinapeza anayi.

Musaseke msanga, nkhani sinathe. Pa Tete ndinadya mpunga wa nkhuku wa metikashi 150. Anatsala 250, amene kupitirira Kuchamano alibe ntchito. Pa Nyamapanda ndinawasintha, ndipo m'malo mwa madola anayi kupatula pang'ono, anandipatsa atatu, chifukwa pa boda palibe amene amasunga masenti a dola. Ndinagula madzi ndi chakumwa, chenji anandipatsa ya ndalama ya konko, imene ndinafika nayo ku Limbe n'kupatsa ana kuti azisewera nayo. R200, imene inali madola 11, inandigulira mbale imodzi ya mpunga, mabotolo awiri, n'kutsala dola imodzi yakuda bii.

Chinyengo cha mnyamata uja chinandidyera metikashi 200, ndipo pamenepo mankhwala ake ndi osavuta: ndalama ukaziwerenga m'manja mwako sizibwereranso m'manja mwa wosintha, ndipo zako umapereka pomaliza. Koma zina zonsezo palibe anandibera. Zinapita chifukwa wosintha aliyense, kaya ndi mnyamata wa pa boda kaya ndi banki ya magalasi, ali ndi mitengo iwiri, wogulira ndi wogulitsira, ndipo amadyera pakati pake. Ndalama yosinthasintha ili ngati ufa woukhuthulira m'thumba ili kenako m'thumba lina: nthawi iliyonse wina umatsalira m'misoko. Ine ndinkakhuthula kwacha kukhala randi, randi kukhala metikashi, metikashi kukhala dola, kenako n'kumadabwa kuti thumba lapepuka. Masiku ano za Mozambiki ndimasintha zokwana chakudya chimodzi ndi chimbudzi basi, popeza basi imangokhalamo maola ochepa, ndipo nthawi zambiri ndimatenga kamba wanga osasintha kalikonse.

Zimbabwe inandiphunzitsa china chimene sindinkachiganizira n'komwe, chakuti madola awiri a nambala imodzi akhoza kusiyana mtengo. Dziko limeneli lasintha ndalama kambirimbiri. Mu 2016 kunabwera mabondi noti, mu 2019 anabweza dola yawoyawo, ndipo mu Epulo 2024 anakhazikitsa ZiG. M'zonsezi anthu wamba agwiritsitsa dola ya ku Amereka, ndipo mapepala ake amayenda m'manja mpaka kufewa ngati nsanza, ena omata ndi selotepi. Konko amalandirana bwinobwino. Vuto limayamba ukatuluka nawo.

Ndinali ndi pepala latsopano la madola 100, lija la mzere wa buluu pakati, limene ndinkafuna kukasintha ku Joni. Basi itaima ku Harare usiku, njala itandigwira, ndinagula nkhuku ndi tchipisi ndi zina za madola 7. Mtsikana wa pa kauntala anakondwa poona pepala langalo, ndipo ndinayenera kudabwa ndi kukondwa kwakeko. Anandibwezera madola 93 osasowa ngakhale imodzi, koma ambiri anali otha. Ku Joni, mayi wa pa windo la kosinthira ndalama anatenga pasipoti yanga, nayamba kusanthula mapepalawo limodzilimodzi. Lina analikana chifukwa cha inki, lina chifukwa chong'ambika pakona, ena chifukwa ndi a zaka zakale. Analandira madola 33 okha, pa R17.50, n'kudulaponso komishoni yawo, imene pa ndalama zochepa imapweteka chifukwa ili ndi poyambira pake posatengera kuti wasintha zingati. Madola 60 otsalawo ndinakagulitsa kwa bambo wina wa ku Zimbabwe pafupi ndi Park Station, amene anawatenga pa R14 chifukwa ankadziwa kuti kwawo akayenda. Ndinalandira R840 m'malo mwa R1,050. Nkhuku ya madola 7 ija inandidyera R210 yapamwamba.

Choncho amene akudutsa m'Zimbabwe atenge madola ang'onoang'ono, a 1 ndi a 5, ndi timarandi tachitsulo ndi mapepala a R10 ndi R20, popeza chakumwera kuno, kuyandikira Beitbridge, randi amailandira ndithu. Pepala lalikulu lisatuluke. Ndipo mukamagula madola kuno kumudzi, yang'anani chaka cholembedwa pa pepala lililonse pafupi ndi siginecha, muliunike pa dzuwa, mukane lililonse lolembedwa ndi bolopeni. Wogulitsa akakwiya, akwiye.

Tsopano ndifike pa zimene zimandichititsa manyazi kunena. Aliyense woyenda geni ya kunja akudziwa kuti foreksi kuno ndi yosowa. Umapita ku banki ndi pasipoti ndi tikiti, kulemba mafomu, n'kuuzidwa kuti ubwere mawa, mawa lake n'kupatsidwa gawo lochepa la zimene unapempha, kapena osapatsidwa n'komwe. Zotsalazo anthu amakagula kuseri, pa mtengo wokwera kwambiri kuposa wa ku banki. Inenso ndinkatero, ndipo ndinkasakaniza zonse m'mpango umodzi womanga m'chiuno. Za ku banki zimabwera ndi lisiti yokhala ndi dzina lako, nambala ya pasipoti ndi kuchuluka kwa ndalama. Za kuseri zimabwera zokha. Ine ngakhale lisiti ya ku banki ija ndinkaitaya, poganiza kuti ntchito yake yatha ndikangolandira ndalama.

Malamulo a dziko lino salola kutuluka ndi ndalama zakunja zambiri popanda chikalata chosonyeza kumene wazitenga, ndipo apolisi akazipeza amalanda, nkhani n'kukathera kubwalo la milandu. Ndinaziona ndi maso anga tsiku lina tisanatuluke m'dziko, pamene anatsitsa m'basi mayi wina amene tinakhala mpando umodzi kuchokera ku Blantyre. Wapolisi wamkazi anapita naye kuseri, ndipo pobwera anali atanyamula kathumba kamene mayiyo anasokera m'kati mwa siketi. Basi inanyamuka iye akulira pansi pa mtengo, katundu wake atatsitsidwa. Mpango wanga unali m'chiuno ndi ndalama zopanda pepala zoposa zake. Sanandifunse, si chifukwa cha nzeru zanga. Kuyambira pamenepo lisiti ya banki imakhala m'kati mwa pasipoti, ndipo ndimajambulanso pa foni. Ndalama zimene sindingazionetsere pepala sindikweranso nazo basi. Izi zachepetsa katundu amene ndimaoda, ndipo sindinama kuti sizindiwawa. Ku South Africa nakonso kuli malire ake a marandi a m'manja polowa kapena potuluka, ndipo zoposa pamenepo zimafuna chilolezo.

Nditaopa ndalama za m'manja ndinathawira ku khadi, ndikuganiza kuti ndapeza chipulumutso. Ndinaika mpamba wonse mu akaunti, ndinatenga khadi lolembedwa Visa, n'kukwera basi ndi timarandi ta m'njira tokha, mtima uli mbee. Safunsa anadya phula. Sindinafunse ku banki funso limodzi lokha, lakuti khadi limeneli kunja kwa dziko limatulutsa zingati.

Zimene sindinkadziwa n'zakuti mukalipira ndi khadi ku Joni, m'akaunti mwanu mumachoka makwacha, koma banki yanu imayenera kulipira eni sitolo ndi ndalama zakunja, zomwe zija inalephera kukupatsani pa kauntala. Ndiye foreksi ikasowa, mabanki amaika malire pa zimene khadi lingawononge kunja, pa tsiku kapena pa mwezi, ndipo malirewo amatha kutsitsidwa nthawi ina iliyonse. Makwacha akhoza kudzaza akaunti, khadi n'kukana. Makhadi ena amafunanso kuti uuze banki usananyamuke kuti alitsegulire kunja.

Ndinazidziwa ndili kutsogolo kwa mzere m'sitolo yaikulu ya mabulangete ku Fordsburg, mabelo awiri atamangidwa kale, anyamata a ngolo akudikira. Bilu inali R9,400. Kamakina kanaganiza, kenako kanatulutsa kapepala kolembedwa `DECLINED`. Mwini sitolo anati tiyesenso. Kanakananso. Ndinati tigawe pawiri. R4,000 inadutsa, yotsalayo inakanidwa. Ndinathamangira pa makina otulutsa ndalama, ndipo pamenepo ndinachita kupusa kwina: poopa kukanidwa ndinkatapa pang'onopang'ono, R500, kenako R500 ina, osadziwa kuti kutapa kulikonse eni makinawo amadula yawo, banki yanga kumudzi imadulanso yake, posatengera kuti watapa zochepa. Kachitatu makina analira ngati akuwerenga, koma sanatulutse kanthu.

Nditabwerera kumudzi n'kupempha sitetimenti, ndinapeza kuti R500 yosatulukayo anaidula ndithu. Inadzabwerera patapita milungu, nditalemba fomu ya madandaulo, ndipo chimene chinandithandiza n'chakuti kapepala ka makinawo, kokhala ndi tsiku, nthawi ndi nambala ya makina, ndinali nditakaponya m'chikwama osati m'bini. Pa sitetimenti yomweyo ndinaonanso kuti reti imene anandidulira si ya tsiku limene ndinagula, koma ya tsiku limene malipirowo anakhazikika m'mabuku a banki, masiku angapo pambuyo pake. Nthawi zambiri kusiyana kwake n'kochepa. Koma kumbukirani Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. K2,000,000 imene dzulo lake inali madola pafupifupi 1,690 inadzuka ili madola 1,176. Amene anali pa msewu sabata imeneyo mpamba uli m'makwacha mu akaunti anabwera ndi katundu wochepa kwambiri kuposa amene anawerengera ponyamuka.

Kunena zoona, khadi ndi labwino pamene likugwira, ndipo kulipira nalo m'sitolo kumaposa kutapa pa makina. Makina a m'misewu ya ku Joni alinso ndi akathyali awo, ovala bwino, amene amabwera ngati akukuthandiza, kukuuza kuti makina avuta, n'kukusinthira khadi akuonerera manambala ako achinsinsi. Ine ndimatapa m'kati mwa banki kapena m'molo mokha, masana, ndipo munthu akangoyandikira ndimadina `CANCEL` n'kuchoka. Koma khadi lisakhale lokha.

Tsiku la ku Fordsburg lija panali vuto linanso limene linamanga zonse. Simu yanga ya kumudzi ndinali nditaichotsa pa Musina n'kuikamo ya ku South Africa, chifukwa ndi yotchipa poimba. Pamene ndinkayesa kulowa mu apu ya banki kuti ndione chimene chavuta, banki inatumiza nambala yotsimikizira ku simu ya kumudzi ija. Nditaibwezera m'foni, netiweki panalibe, popeza sindinatsegulitse romingi ndisananyamuke, ndipo munalibe ngakhale mayunitsi. Ndalama zanga za m'banki ndi za pa foni zonse zinali zomangirira ku kasimu kamodzi kosagwira ntchito. Lero ndimayenda ndi foni ya masimu awiri, ya kumudzi siichoka, ndipo romingi ndimaiyesa pa Zobue pomwe, pamene kubwerera kukadali kotheka.

Za ndalama za pa foni anthu ambiri amasokonezeka nazo, monga ndinkachitira ine. Kwathu tazolowera kuti ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba ali pa ngodya iliyonse, mpaka timaiwala kuti zimenezi ndi makwacha okhala m'Malawi. Ku Mozambiki kuli M-Pesa ndi e-Mola, ku Zimbabwe kuli EcoCash, ndipo iliyonse imayenda pa simu ya dziko lake yolembetsa ndi chiphaso. Ejenti wa pa Tete sangakutulutsireni metikashi kuchokera m'makwacha a pa foni yanu ngati mmene amachitira wa ku Ndirande. Kutumiza ndalama kudutsa malire kulipo, ndipo a Malawi a ku Joni amatumiza kumudzi tsiku ndi tsiku kudzera ku Mukuru ndi makampani ena otero, koma njirayo ndi yotakasuka kuchoka ku Joni kubwera kuno. Kuchoka kuno kupita uko imakumana ndi kusowa kwa foreksi komwe kuja.

Mpata umenewo ndi umene anthu amadzaza ndi kusinthana. Wina ku Joni ali ndi marandi ofuna kutumiza kwa mkazi wake ku Mangochi, iwe uli ndi makwacha kumudzi koma ukufuna marandi. Mwana wako amatumiza makwacha pa foni kwa mkazi uja, mwamunayo n'kukupatsa marandi m'manja. Ndi mmene ndinawombolera mabelo anga tsiku limenelo, kudzera kwa mlamu wanga wa ku Mayfair amene anandipezera mnzake wa kumudzi kwawo. Zinayenda chifukwa mlamu anali pakati. Njirayi boma siliivomereza, ilibe lisiti, ndipo zikavuta ulibe kokadandaula.

Zinandivuta ulendo wina pobwerera. Ndinatsala ndi R600, ndipo ndili pa depoti mnyamata wina wolankhula bwino, wodziwa mayina a madera onse a ku Blantyre, anati, "Anti, m'malo moti mukaluze pa boda, ndipatseni marandiwo, ndikuponyereni makwacha pa foni pompano." Reti yake inali yokoma kuposa ya aliyense. Foni yanga inalira, uthenga unabwera wonena kuti ndalandira ndalama, manambala onse ali m'malo mwake. Ndinamupatsa R600. Titafika pa Mwanza ndinapita kwa ejenti kukatapa, ndipo balansi inali yomwe ndinanyamuka nayo. Ejentiyo, mtsikana wamng'ono, anatenga foni yanga n'kundionetsa pamwamba pa uthengawo. "Taonani mayi, uthengawu wachokera pa nambala ya munthu. Weniweni umabwera ndi dzina la kampani, ndipo umalowa pamodzi ndi mauthenga ena akale a ndalama." Mnyamata uja anangokopera uthenga wakale n'kusintha manambala. Chikhala kuti ndinayang'ana balansi ndisanapereke, bwenzi atathawa yekha. Reti yokoma kuposa ya msika wonse inayenera kundichenjeza poyamba pomwe, koma dyera linanditseka m'maso.

Pamene ndalama za pa foni zimagwira ntchito yake yeniyeni pa msewu umenewu ndi pobwerera, pa Mwanza. Katundu amatsitsidwa, a MRA amaona malisiti a zimene wagula, amatembenuza marandiwo kukhala makwacha, n'kukuwerengera msonkho, umene umalipira m'makwacha. Kale ndinkathera ndalama zonse ku Joni, poona kuti randi iliyonse yosagula katundu yatayika, ndiye pofika pa boda n'kumagulitsa timarandi totsala pa mtengo uliwonse umene anyamata anena, kapena kukongola kwa anzanga a m'basi, kapena kusiya belo m'nyumba yosungira katundu n'kudzalitenga sabata yotsatira ndi thiransipoti ina. Tsopano ndisananyamuke ndimayerekeza msonkho potengera ulendo wapitawo, ndimawonjezerapo pang'ono, kuphatikizapo ya onyamula katundu ndi galimoto yochoka pa Wenela kupita ku Limbe, n'kuzisiya pa foni ndi m'akaunti ngati makwacha. Sizisinthidwa, sizidutsa boda, ndipo palibe angandifunse pepala lake. Ndimangoonetsetsa kuti sizipitirira malire a zimene foni imalola kusunga ndi kutapa pa tsiku, ndipo ndimagawa pa manambala awiri, chifukwa basi zikafika zingapo nthawi imodzi maejenti a pa boda ndalama za m'manja zimawathera, netiweki nayo ili ndi masiku ake.

Malisiti a m'sitolo za ku Joni ndimawasunga m'kapulasitiki kosalowa madzi pamodzi ndi ya banki ija, ndipo ogulitsa akafuna kungondilembera pa kapepala wamba ndimaumirira yodinda ya sitolo. Wa msonkho akapanda kukhulupirira lisiti yako amaika mtengo wake pa katunduyo, ndipo mtengo wakewo sunakhalepo wotsika kuposa umene ndinagulira.